Nyale za sola zachinyengo zimaonekera pabokosi

"Amalume, ndikufuna kuyamba kupikula nyale za sola ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam n'kumagulitsa kuno ku Lusaka. Ndizidziwa bwanji zenizeni, popeza zonse zimayaka ukaziyesa m'sitolo?"

Mphwanga, nyale iliyonse imachoka kufakitale batire lake lili ndi kamoto, ndiye iyaka ndithu pamaso pako. Vuto limatulukira kwa wogula, iwe utalipira kale, katundu wadutsa pa Tunduma ndi Nakonde, ndipo kubweza ku Dar es Salaam sikungatheke. Chomwe ungayese usanatulutse ndalama ndi bokosi.

Mayi wina wa pamsika wa COMESA anapikula katoni ya nyale 40. Mwezi usanathe ogula anayamba kubweza, akuti ikazima isanakwane 9 koloko usiku basi mpaka mawa. Mayiwo sanataye mabokosi. Anawayala patebulo pamodzi ndi bokosi la nyale yakale yomwe inkagwirabe ntchito kunyumba kwawo, n'kuyamba kuwerenga timalemba tating'ono ta m'mbali.

Choyamba chomwe anapeza n'chakuti manambala sankagwirizana. Kutsogolo kunalembedwa 100W ndi zilembo zikuluzikulu, pamwamba pake "maola 12". Kumbali, batire linalembedwa 3.7V 1200mAh. Masamu ake ndi achidule: 1200mAh ndi 1.2Ah, ukachulukitsa ndi 3.7 upeza 4.4Wh, ndiyo mphamvu yonse yomwe batire lingasunge. Nyale yodyadi mawati 100 ingamalize batire limenelo mphindi zitatu zisanakwane. Kuti iyake maola 12, iyenera kudya mawati osafika ngakhale theka, kuwala kongokwanira kupezera chitseko. Bokosi la nyale yakale ija linalibe nambala yodzitama chotero. Linatchula kuwala m'malumeni, n'kunena maola omwe nyale iyaka pa kuwala kwakukulu ndi pa kuwala kochepa, ikatchajidwa tsiku limodzi padzuwa. Kampani yomwe yayesadi katundu wake imalemba choncho.

Panelo nayonso uiyeze ndi rula. Ya masentimita 10 mulitali ndi 10 mulifupi sipitirira mawati awiri ngakhale dzuwa la Okutobala litaswa mtengo. Ya mayi aja inali ya masentimita 5 mbali zonse, yosafika theka la wati, moti kudzaza batire lija kunkafuna maola oposa 10 a dzuwa lamphamvu, pomwe tsiku limapereka asanu kapena asanu ndi limodzi. N'chifukwa chake nyale zinkazima msanga: batire silinkadzadza n'komwe.

Ukaona batire la mtundu wa 18650 litalembedwa 9900mAh, lisiye. Abwino a mtundu umenewo amalekezera cha pa 3500mAh, ndipo amalemera pafupifupi magalamu 45. Lopepuka kwambiri m'manja mulibe kanthu m'kati.

Chachiwiri chinali nambala ya nyale. Kawirikawiri nyale yeniyeni imakhala ndi nambala yakeyake, ndipo ya pabokosi imafanana ndi ya kunsi kwa nyale. Mabokosi onse 40 a mayi aja anali ndi nambala imodzi, yosindikizidwira pamodzi ndi chithunzi. Opanga zachinyengo amajambula bokosi limodzi lenileni n'kulisindikiza kambirimbiri, n'chifukwa chake timalemba tating'ono timaoneka tofufuma, ndipo mitundu imatuluka pang'ono m'mizere yake. Panalibenso keyala ya kampani, foni yoimbira, kapena khadi la chitsimikizo, koma zizindikiro zambirimbiri za mabungwe oyesa katundu, zomwe aliyense wokhala ndi makina osindikizira angaike.

Usanyengedwe ndi mawu oti Made in China. Nyale zabwino zambiri zimapangidwa komweko. Bakodi yoyamba ndi 690 mpaka 699 imangosonyeza kuti nambalayo inalembetsedwa ku China, sinena kanthu za ubwino wa katundu. Chothandiza ndi kulowa pa data.verasol.org ndi foni yako, pomwe pali mndandanda wa nyale zomwe zinayesedwa, n'kufufuza dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wa nyaleyo. Ikapezeka, yerekeza batire, panelo ndi malumeni ndi zomwe zili pabokosi. Kupezeka pamndandanda sikutsimikiza kuti yomwe ili m'manja mwako si yokopera, ndiye manambala a nyale uwaonebe.

Masiku ano mayi aja akamapikula salola kuonetsedwa nyale ya pashelefu yokha. Amatsegulitsa katoni yomwe atanyamule, n'kutulutsa mabokosi atatu, la pamwamba, la pakati ndi la pansi, chifukwa ena amaika zenizeni pamwamba pokha. Manambala akasiyana pa mabokosi atatuwo, ndipo iliyonse ikafanana ndi ya nyale yake, amalipira, n'kuuza wogulitsa alembe dzina la kampani ndi nambala ya mtundu pa lisiti. Lisiti yomweyo ndiyo amaonetsa kwa a ZRA pa Nakonde. Katoniyo amaimatitsa selotepi iwo akuona, n'kulembapo dzina lawo asanaipereke kwa onyamula.