Tsitsi lidzakuululani musanatsegule pakamwa

"Achemwali, andipeza ndi khansa ya m'bere, akuti siteji 2. Kemo ndiyamba pakatha masabata awiri. Akudziwa ndi bambo a kunyumba okha. Amayi ali ku Ntcheu ndipo amadwala bipi, ana anga awiri ali kusekondale. Ndiwauze bwanji, kapena ndingokhala chete mpaka ndichire? Ndine wa ku Mabvuku."

Kalata yanuyi ndaiwerenga ndili mu kombi yochokera ku Mbare kuno ku Harare, mpaka ndinapitirira potsikira. Mawu akuti "mpaka ndichire" ndi omwe ndinkadziuza ine pamene ndinatuluka m'chipinda cha dokotala ndi pepala la zotsatira m'chikwama. Ndinakafika kunyumba ku Mufakose, n'kuphika nsima, n'kudya ndi ana ngati tsiku lina lililonse. Ndinkati ndikuwateteza.

Chimene sindinawerengere ndi tsitsi. Mankhwala a kemo omwe ambirife timapatsidwa pa khansa ya m'bere amalowa pa dilipi kamodzi pa masabata atatu alionse, ndipo tsitsi limayamba kuthothoka pakatha masabata awiri kapena atatu chilandirireni dilipi yoyamba. Langa linayamba ndikusamba, likungotsalira m'manja. Mwana wanga wamkazi, yemwe anali Fomu 2, analipeza m'bafa. Sanandifunse kanthu. Anakafufuza yekha pa foni ya mnzake, ndipo kwa mlungu wathunthu ankagona akuganiza kuti amayi ake amwalira chaka chisanathe. Ndinadziwa pamene aphunzitsi anandiimbira kuti mwanayo akungolira m'kalasi. Pa zonse zimene ndinadutsamo, nseru, zilonda za m'kamwa, opaleshoni, chimene chimandiwawabe n'chimenechi. Choncho mukandifunsa ngati mungabise, yankho langa ndi lakuti matendawa sabisika. Chimene mungasankhe n'chakuti ana amve kwa inu kapena kwa tsitsi la m'bafa.

Ndiye pali nkhani ya kumudzi, imene ife a kuno timaiiwala chifukwa takhalitsa m'tauni. Kwathu matenda aakulu amakanenedwa kwa mwini mbumba. Mwamuna amene wasunga mkazi wodwala osauza akuchikazi amadziitanira mlandu, ndipo zinthu zikavuta funso loyamba limakhala lakuti, "Bwanji simunatiuze akudwala?" Amuna anga anasenza chinsinsi changa miyezi iwiri, ndipo amalume atamva anakalipira iwowo, osati ine. Anawauza kuti, "Mwana wathu munamutenga wamoyo, lero mukumudwazika mobisa ngati mbuzi yakuba." Bambo aja sanalakwe chilichonse, ndinawaletsa ndine. Inunso mukamauza bambo a kunyumba kuti asanene, dziwani kuti mukuwaika pamoto.

Amayi anga sindinawauze pa foni ndekha. Ndinayamba ndaimbira amalume, n'kuwapempha kuti apite kwa amayi ndi mchemwali wanga wamkulu, akakhale nawo pakhonde, kenako andiimbire ali pamodzi. Munthu wa bipi asalandire uthenga wotere ali yekha, kapena usiku, kapena kudzera pa gulu la WhatsApp la banja. Magulu amenewa ndimadana nawo pa nkhani za matenda. Ukalembapo m'mawa, pofika masana msuweni wa ku Joni waika kale chithunzi chako ndi kandulo. Amayi analira, inde, ndipo ananena kuti akwera basi mawa lomwe kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Tinawanyengerera kuti adikire nthawi ya opaleshoni, pamene manja awo adzafunikedi. Kulirako sikunawaphe. Chimene chinawapweteka n'chakuti anamva mochedwa.

Koma olira si amene ayenera kukuopsani. Oopsa ndi amene amabwera ndi yankho m'thumba. Azakhali anga a ku Highfield anafika ndi botolo la mizu ndi dzina la munthu amene akuti anandilodza, mkazi wina wa kumudzi amene timakangana naye malire a munda. Mlamu wanga ankafuna ndikagone kuphiri kwa mapositoli masiku atatu osadya. Wina anandinong'oneza kuti ndisalole mpeni, chifukwa khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imabalalika. Bodza limeneli lili ndi pochokera. Anthu ambiri amafika kuchipatala matenda atafalikira kale, amachitidwa opaleshoni, n'kumwalira patapita miyezi, ndiye abale amaloza mpeni. Chinawapha n'kuchedwa. Siteji 2 imatanthauza kuti khansa ili m'bere, mwina yafika mu anabere a kukhwapa, koma sinapite kumapapo, kuchiwindi kapena kumafupa. Pamenepa madokotala akulimbana nayo kuti ithe, osati kungochepetsa ululu. Miyezi itatu ya mizu ikhoza kukuchotsani pamenepo.

Ine ndimapemphera, ndipo amayi a mvano ankabwera kudzandiimbira Lachinayi lililonse. Pemphero silinandiletse kupita ku dilipi. Koma kusala kudya uli pa kemo, kapena kumwa mizu yosadziwika pamene chiwindi chili kale pa ntchito yosefa mankhwala, n'kudzipweteka. Azakhali ndinawayankha kuti, "Zikomo azakhali, botolo siyani, ndikafunsa adokotala." Sindinamwe, komanso sindinakangane nawo za ufiti, chifukwa mkangano umenewo palibe amene anaupambanapo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, thupi ndi lanu.

Zochita masabata awiriwa

Uzani ana mlungu uno, muli ndi bambo awo, tsiku limene sakupita kusukulu mawa lake. Tchulani dzina la matenda, musati "kachotupa". Auzeni kuti tsitsi lidzathothoka koma lidzameranso, kuti khansa sipatsirana pa mbale kapena pogona, ndiponso kuti palibe amene anaiyambitsa. Akafunsa ngati mumwalira, musalumbire. Nenani zimene dokotala wanena, kuti yapezeka pa siteji imene imachizika ndipo mukawauza chilichonse chikasintha. Kenako amalume, kenako amayi. Achemwali anu obadwa nawo auzeninso, chifukwa mwayi woti angadwale umakwerako m'bale wa bere limodzi akadwala, ndiye akayezetse mawere awo.

Aliyense wofunsa kuti ndithandize chiyani, mpatseni ntchito, apo ayi adzakupatsani malangizo. Wina akuperekezeni kuchipatala ndi kope, azilemba zimene dokotala akunena, popeza inu mudzamva theka lokha. Wina aziyankha mafoni a achibale. A ku Joni atumize ndalama za mankhwala ndi zoyendera. Ndipo wokhala nanu m'nyumba adziwe ichi: kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 chilandirireni dilipi chitetezo cha thupi chimatsika kwambiri, ndiye thupi likatentha kufika madigiri 38 muthamangire kuchipatala usiku womwewo, osamwa panado n'kugona. Gulani choyezera kutentha. A chimfine asabwere kudzazonda masiku amenewo, ngakhale atakhala apongozi. Ngati pakamwa pakulemerabe, a Cancer Association of Zimbabwe ndi a Island Hospice kuno ku Harare ali ndi alangizi amene amakhala pansi ndi mabanja. Dzina la Island Hospice lisakuopseni, ntchito yawo si ya omwalira okha.

Azakhali aja, ndisaiwale, ndinawapatsa ntchito yophika phala la mawere m'mawa uliwonse wotsatira dilipi. Za mkazi wa malire a munda amazinenabe mpaka lero, koma phala silinaphonye ngakhale tsiku limodzi.