Chikombole cha mawu a pansi pa vidiyo: kumunsi kukhazikike, kumtunda kuzisintha

"Zikomo achimwene. Ndili ndi tchanelo cha ulimi wa nkhuku pa YouTube, ndipo ndimaika mavidiyo asanu pa mlungu, ena pa laputopu, ena pa foni. Mawu a mu Description ndimangokopera a vidiyo ya dzulo n'kusintha pang'ono. Mlungu watha vidiyo ya katemera inatuluka ndi mawu onena za chakudya cha anapiye. Ndipange bwanji kuti za kumunsi zizikhala zomwezo, ine ndizingolemba za pamwamba?"

Mayi, choyamba lekani kukopera vidiyo ya dzulo. Woumba njerwa saumbira njerwa yatsopano pa njerwa inzake, amabwerera ku chikombole chopanda dothi. Chikombole chanu chili ndi malo ake mu YouTube Studio. Tsegulani pa laputopu, dinani Settings, kenako Upload defaults, ndipo pa Basic info mupeza bokosi la Description. Chilichonse chimene mulembe m'menemo chizidzabwera chokha pa vidiyo iliyonse yatsopano. Cha tchanelo chanu chikhoza kuoneka chonchi:

```
[LEMBA: ziganizo ziwiri za vidiyo ino]

00:00 [LEMBA]

----------
Mavidiyo onse a nkhuku: https://...
Mafunso ndi maoda: https://...
Timaika vidiyo yatsopano mlungu uliwonse.
#ulimi #nkhuku
```

Mzera wa timizere uja ndiwo malire a munda. Za pamwamba pake mumalemba mwatsopano tsiku lililonse, za pansi pake simukhudza. Mawu akuti LEMBA ndawaika m'zilembo zikuluzikulu dala, kuti maso akhumudwepo musanadine Publish. Mukaiwala, woonera apeza malo osalembedwa, zomwe n'zochititsa manyazi pang'ono koma sizinamiza munthu, kusiyana ndi mawu a chakudya cha anapiye pansi pa vidiyo ya katemera. Gwiritsani ntchito zizindikiro za `[` ndi `]`, chifukwa `<` ndi `>` YouTube imazikana m'bokosi limeneli.

Kumtunda n'kofunika chifukwa woonera amangoona mizere iwiri kapena itatu yoyamba asanadine kuti aone zonse. Bokosi lonse limalola zilembo 5,000, koma anthu ambiri amathera pa mizere imeneyo. Ndimamva chisoni ndikaona tchanelo chabwino chikuyamba vidiyo iliyonse ndi moni wautali ndi pempho loti anthu adine Subscribe. Malo odula kwambiri apita ku mawu amene ali pa mavidiyo ena onse. Pa vidiyo yanu ya katemera, kumtunda kukanakhala motere:

```
Kadonthezedwe ka katemera wa chitopa m'diso la nkhuku,
ndi kasungidwe ka botolo kuti lisatenthedwe pa njira.

00:00 Zizindikiro za chitopa
01:20 Kusunga botolo
04:05 Kudontheza m'diso
07:40 Zolakwika zofala
```

Nthawi zimenezo zimagawa vidiyo m'zigawo, koma zili ndi malamulo ake. Yoyamba ikhale 00:00, zikhale zosachepera zitatu, zitsatane bwino, ndipo chigawo chilichonse chisachepere masekondi 10. Mukaona kuti mzera wa pansi pa vidiyo sunagawike monga munalembera, yambani mwayang'ana zimenezi. N'chifukwa chake 00:00 ndaisiyiratu m'chikombole: ndi imene imaiwalika kawirikawiri.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muisunge kwambiri ndi ya kumunsi. Mukasintha mawu mu Upload defaults, mavidiyo akale sasintha. Vidiyo iliyonse imatenga mawu amene analipo tsiku limene munaiika, n'kukhala nawo mpaka mutaitsegula nokha. Mavidiyo asanu pa mlungu ndi mavidiyo 260 pa chaka. Mukalemba kumunsi mtengo wa anapiye wa mwezi uno, ndiye kuti chaka chamawa munthu adzaonera vidiyo yakaleyo, adzakuimbirani ali ndi mtengo wakale m'mutu, ndipo mudzayamba kukangana musanagulitsane kanthu. Choncho mzera uliwonse musanauike kumunsi, dzifunseni ngati udzakhalebe woona zaka ziwiri zikubwerazi. Mitengo, tsiku la maphunziro, malonda a munthu amene walipira vidiyo imodzi yokha, zonsezo malo ake ndi kumtunda kwa vidiyo imene zikuikhudza. Ngakhale masiku oika mavidiyo, taonani kuti ndalemba "mlungu uliwonse" osati "Lolemba mpaka Lachisanu", poti ndondomeko imasintha mvula ikagwa ntchito n'kuchuluka.

Nambala ya foni ndiyo inandipweteka ine. Ndinaiika kumunsi kwa mavidiyo anga kwa zaka ziwiri, kenako ndinasintha layini. Anthu ankaimbira nambala yakufa, ena n'kuganiza kuti ndinasiya ntchito. Lero ndimaika linki imodzi yopita ku tsamba limene ndingathe kulisintha nthawi iliyonse, ndipo nambala imakhala pa tsambalo. Linkiyo muziilemba yonse kuyambira pa `https://`. Ikakhala kuti sikudinika, onani mu Settings, pa Channel, pa Feature eligibility ngati tchanelo chanu chinaloledwa Advanced features. Pa ma Shorts musavutike, malinki a mu Description sadinika.

Ngati kumunsi kwafunikadi kusintha pa mavidiyo akale, njira ilipo. Pitani pa Content, chongani mavidiyo, dinani Edit, kenako Description. Mupeza Insert at beginning, Insert at end, Replace all ndi Remove. Replace all ithaweni ngati moto, chifukwa imafufuta bokosi lonse, pamodzi ndi mawu a kumtunda ndi nthawi za zigawo zimene munalemba vidiyo ndi vidiyo. Chofunika ndi Remove kuti muchotse mzera wakale, kenako Insert at end kuti muike watsopano. Apa ndi pamene kusakhudza kumunsi kumakupulumutsani, chifukwa Remove imachotsa mawu okhawo ofanana ndi amene mwaipatsa. Ine nambala ija ndinali nditailemba mitundu itatu, pena yoyamba ndi 0, pena ndi +265, pena yokhala ndi mipata pakati. Ndinachotsa katatu, ndipo ina ndinakaipezabe patapita miyezi. Yesani kaye pa mavidiyo awiri, muwatsegule muone, ndiye mupite kwa onsewo.

Za mahashitagi sindichulukitsa mawu. Awiri a tchanelo chonse akhale kumunsi, ndipo limodzi la vidiyoyo, monga `#chitopa`, mulilembe kumtunda. Akapitirira 60, YouTube imawanyalanyaza onse.

Chatsala ndi foni yanu ija. Upload defaults imagwira ntchito pa mavidiyo oikidwa kudzera pa msakatuli wa pa kompyuta, osati pa apu ya foni. Vidiyo yoikidwa pa foni imafika bokosi lili mbee, ndipo ndikukhulupirira kuti chizolowezi chokopera za dzulo chinayambira pamenepo. Sungani chikombole chomwecho, chilembo ndi chilembo, mu apu yolembera manotsi pa foni, ndipo muzikopera kuchokera m'menemo basi. Mukasintha cha pa laputopu, sinthaninso cha pa foni tsiku lomwelo, apo ayi mudzakhala ndi mitundu iwiri ya kumunsi ndipo Remove izidzagwira theka lokha. Ngati pali mwana kapena mnzanu amene amakuthandizani kuika mavidiyo, m'patseni fayilo yomweyo, ndipo mumuuze kuti vidiyo aziisiya pa Private kufikira inu mutawerenga mizere itatu yoyamba n'kuona kuti mawu akuti LEMBA sanatsalemo.