Funso la mlandu wakuba lisachokere m'manotsi okha

"Akuluakulu, ndikuthandiza ana asanu ndi atatu a dipuloma ya zamalamulo kuno ku Nchalo. Ndili ndi manotsi achidule a alekichala ndi timagawo ta malamulo tapafotokope. Mafunso ankhani oyeserera mayeso ndingawapange bwanji kuchokera m'zimenezi? Tili pa mutu wa kuba."

Achimwene, manotsiwo ayambe akhala pambali. Tengani kaye gawo 271 la buku la milandu ndi zilango, Chaputala 7:01, muone ngati fotokope yanuyo ili ndi gawo lonse kapena ndime yoyamba yokha. Zambiri zimene zikuyenda m'magulumu zimathera pa ndime yoyamba, pamene akuti wakuba ndi amene watenga chinthu mwachinyengo popanda kukhulupirira kuti ali ndi ufulu pa chinthucho. Koma chinyengocho n'chiyani? Yankho lili mu ndime yachiwiri, imene anthu amaidula kuti pepala likwane.

Anthu okonza manotsi achidulewa amandinyansa pa chinthu chimodzi. Amakopera m'mabuku a ku Mangalande, kumene lamulo lawo la 1968 limati kuba ndi kutenga chinthu ndi cholinga choti mwini wake asadzachionenso, n'kulemba pamwamba kuti malamulo a Malawi. Dzina salembapo, chaka salembapo, amangogulitsa kapena kumwaza pa Watsapu. Kwathu kuno cholinga chimenecho ndi chimodzi chabe mwa zolinga zisanu zimene zili mu ndime yachiwiri. Cholinga chachiwiri pa zisanuzo ndi kutenga chinthu kuti chikhale chikole. Ndiye taganizani tsiku lochonga. Funso munalemba kuchokera m'manotsi, mayankho anu munalembanso kuchokera m'manotsi omwewo. Mwana woyamba walemba kuti palibe kuba poti munthuyo amafuna kudzabweza, mwamupatsa malikisi onse. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Kenako mwafika pa pepala la mtsikana mmodzi amene anawerenga gawo lonse, walemba za chikole, inu mwamukhwatcha ndi cholembera chofiira kuti watuluka m'funso. Amene analondola ndiye walephera, enawo akupita ku mayeso enieni ali ndi bodza m'mutu, akukuthokozani. Wokonza manotsi uja sakudziwa n'komwe, ndalama yake anadya kale.

Tsono funso limayambira ku mayankho, nkhani imabwera pambuyo. Lembani papepala zinthu zimene boma liyenera kutsimikiza m'khoti: kuti chinthucho ndi chotheka kubedwa malinga ndi gawo 270, kuti munthuyo anachisuntha, kuti anali ndi chimodzi mwa zolinga zisanu zija, ndi kuti sankakhulupirira moona mtima kuti ali ndi ufulu. Mwa zinayi zimenezi sankhani chimodzi chokha choti pakhale ndewu. Zinazo zikhale zoonekeratu, mwana azitchule n'kudutsa. Mukayika ndewu paliponse palibe amene amamaliza m'mphindi 40.

Nachi chitsanzo, inu mudzachilemba m'Chingerezi, mawu asapose 250. Zuze anakongoza mlamu wake Alufandika K300,000 mu Malichi, anagwirizana kuti adzabweza akagulitsa thonje. Pofika Okutobala sanabweze. Za chikole sanakambiranepo. Tsiku lina masana Zuze anapita ku khola la Alufandika ku Bangula, anapeza mnyamata woweta yekha, anamasula ng'ombe yaikazi ya mtengo wa K600,000 n'kuuza mnyamatayo kuti, "Ukawauze atate ako, akandilipira ndidzabweza." Madzulo omwewo anakauza a nyakwawa zimene wachita. Ku polisi ananena kuti kwawo wangongole akazengereza umagwira chiweto chake. Pomaliza lembani lamulo lomveka kwa wophunzira: langizani woimira boma ngati angamuzenge Zuze mlandu wakuba ng'ombe. Musalembe kuti "kambiranani nkhaniyi", chifukwa adzakulemberani za ngongole, za mphamvu za mafumu, mpaka za ukwati.

Onani ntchito ya chiganizo chilichonse. Kumasula ng'ombe n'kupita nayo ndiko kusuntha. Mawu amene anauza mnyamata ndiwo msampha: wodalira manotsi adzati amafuna kubweza, wowerenga lamulo adzaona kuti Zuze waulula ndi pakamwa pake kuti ng'ombeyo ndi chikole. Ndewu yeniyeni ili pa chikhulupiriro chake, ndipo apa mwana ayenera kukoka gawo 8, limene limateteza munthu wokhulupirira moona mtima kuti ali ndi ufulu pa chinthucho. Kupita masana, kusiya uthenga, kukauza a nyakwawa, zonsezi zikumuikira kumbuyo Zuze, chifukwa wakuba sachita choncho. Mtengo wa ng'ombe woposa ngongole kawiri, kusagwirizana za chikole, ndi kupita nthawi imene mwini wake kulibe, zikumutsutsa. Chofunika si chakuti mwambo umene akutchulawo ndi wovomerezeka m'malamulo, koma ngati iye ankaukhulupirira moona mtima. Woti atsutse zimenezo mosasiya chikaiko ndi boma, si Zuze woti adziyeretse. Ambiri amagwera pomwepa.

Chiganizo chimene sichikugwira ntchito chichotseni. Kutentha kwa Okutobala, mtundu wa ng'ombe, dzina la mkazi wa Zuze, sizikupatsa mwana likisi ngakhale limodzi. Samalaninso ndi mawu oulula yankho. Mukalemba kuti Zuze "anaba" kapena "anazemba nayo", funso lafa. Lembani zimene munthu woima pakholapo akanaona ndi kumva basi.

Malikisi 20 muwagawe musanapereke funso: 2 pa gawo 270, 2 pa kusuntha, 5 pa chikole, 8 pa chikhulupiriro cha Zuze, 3 pa gawo loyenera kumuzengera. Pa atatu omalizawa mwana adziwe kuti kuba wamba pa gawo 278 chilango chake chimafika zaka 5, koma ng'ombe ili pa gawo 281, pamene chimafika zaka 14. Pa asanu ndi atatu aja musalembe yankho limodzi. Wina akati amasulidwa, wina akati amangidwa, onse apeze malikisi ngati aika mfundo za mbali zonse pasikelo. Wongokopera gawo la lamulo osatchula Zuze ngakhale kamodzi asapose theka.

Mukafuna funso lachiwiri musapeke nkhani ina. Sinthani chinthu chimodzi: patatha masiku atatu Zuze anakagulitsa ng'ombeyo ku msika wa Ngabu, ndalama zonse n'kusunga. Afotokoze chimene chasintha. K300,000 yapamwambayo adzaiteteza ndi chikhulupiriro chanji?

Musanawapatse ana, mupatseni mnzanu wodziwa malamulo amene sanaone mayankho anu, ayankhe pakamwa. Akayamba kufunsa ngati ng'ombeyo inali ya malowolo kapena ya banja lonse, dziwani kuti nkhani yanu ili ndi chiboo, muonjezere chiganizo chonena kuti inali ya Alufandika yekha. Kuno ku Chigwa funso limenelo silingalephere kubwera. Magawowo muwafananitsenso ndi amene ali pa tsamba la pa intaneti la malamulo la MalawiLII, poti bukuli linasinthidwa m'malo ambiri mu 2011 ndipo fotokope sinena zaka zake.

Komabe manotsi aja musawataye, chifukwa ndi amene akukuuzani zimene alekichala aphunzitsa kale. Ngati nkhani ya kulandira katundu wakuba sanafikepo, musayike wogula ng'ombe m'funso. Ndipo likafika funso lachitatu kapena lachinayi, gawo 8 mulichotse dala pa timagawo towapatsa, muone amene adzalikumbukire yekha. Bola inu mwini mukhale mukudziwa chimene mwadula.