Kukumanitsa anthu awiri pa imelo: yambani mwaodira

"Ndili ndi mayi wina wa ku Mchinji amene amapanga chiponde ndipo akufuna chiyambe kulowa m'mashopu akuluakulu. Ndilinso ndi mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku Bunda, pano ndi katswiri wa kakonzedwe ka zakudya ndipo amathandiza mabizinesi ang'onoang'ono. Ndikuona kuti atadziwana, onse angapindule. Ndingolemba imelo imodzi n'kuwaika onse awiri, kapena nditani?"

Achimwene, imelo imodziyo mudzailemba, koma ikhale yomaliza. Pali makalata ena awiri oyenera kutsogola, ndipo ntchito yeniyeni ili pamenepo.

Ine ndinapsa nazo kale. Chaka china ndinaona kuti mnzanga wowerengera ndalama angathandize bambo wina wa bizinesi ya mathiraki, ndiye ndinangowaponya onse mu imelo imodzi, mawu okoma okhaokha. Palibe anayankha. Patatha sabata mnzanga uja anandiimbira, mawu ali pansipansi, kundiuza kuti iye anamugwirirapo kale ntchito bamboyo ndipo ndalama zake sanalipidwe mpaka tsiku limenelo. Ndinali nditamuika pakona: akakana, akana pamaso pa munthuyo, akavomera, wabwerera m'dzenje lomwelo. Kuyambira pamenepo sindilowa ndi mlendo m'nyumba ya munthu ndisanaodire.

Yambani ndi mayi wa chiponde, popeza ndiwo ali ndi chosowa. Afunseni ngati akufunadi kulumikizidwa, ndipo akuuzeni m'mizere itatu kapena inayi zomwe akufuna kwa katswiriyo. "Andithandize pa bizinesi" si yankho. Kodi akufuna kukonzekera kuti bungwe loona za miyezo la MBS lidzayendere malo awo? Kodi vuto ndi chuku mu mtedza, chomwe chimabweretsa poizoni amene amalepheretsa chiponde kupambana akachiyeza? Kapena ndi zolemba za pa botolo chabe? Izi ndi ntchito zitatu zosiyana, ndipo mnzanuyo mwina amadziwa bwino imodzi yokha. Afunseninso zomwe mungaulule. Ngati chiponde chawo chinayezedwapo n'kulephera, imeneyo ndi nkhani yawo, adzainena okha akaona kuti munthuyo ndi wokhulupirika. Chinanso chimene anthu amachita nacho manyazi: akudziwa kuti katswiri amalipidwa? Ambiri akamva kuti "ndi mnzanga" amaganiza kuti ndi zaulere, ndipo mkangano wake umadzagwera inu.

Mukatero lemberani mnzanuyo payekha, osaika mayiwo pa Cc. Mufotokozereni mwachidule kuti mayiwo ndi ndani, mukuwadziwa bwanji, akufuna chiyani, kenako mumutsekulire khomo lotulukira: "Ngati watanganidwa kapena si mbali yako, ungondiuza, sindinawalonjeze kanthu." Ndipo musawalonjezedi kanthu mayiwo musanamve yankho. Paja ife kukana sitikana poyera. Mnzanu akati "tiona" kapena "ndikuuza", n'kukhala chete sabata yathunthu, mukumbutseni kamodzi. Akakhalanso chete, wakana ameneyo, musiyeni.

Onse akavomera, tsegulani imelo yatsopano. Ndikuti yatsopano, osati kungowonjezera dzina la mayiwo pa makalata amene mumayankhana ndi mnzanu. Mu Gmail, mukamayankha kalata, zomwe munalemberana kale zimabisala pansi pa timadontho titatu, inu osaziona, koma zimapita ndithu. Ngati mnzanu analemba kuti "bola asakhale ovuta kulipira", mayiwo adzawerenga mawu amenewo.

Onse awiri aikeni pa To, chifukwa wa pa Cc amaoneka ngati wongoonerera. Pa Subject lembani mayina onse awiri ndi nkhani yake, kuti ngakhale patapita miyezi itatu munthu akhoza kuifufuza n'kuipeza. Ya inuyo ikhoza kukhala chonchi:

Subject: Kudziwitsana: Mayi Uje ndi Bambo Ujeni, za chiponde ndi MBS

Mayi Uje ndi Bambo Ujeni, ndikhulupirira muli bwino nonse. Monga ndinayankhulira ndi aliyense wa inu, ndati ndikulumikizeni.

Bambo Ujeni, Mayi Uje amapanga chiponde ku Mchinji ndipo akukonzekera kupempha chiphaso cha MBS kuti ayambe kugulitsa m'mashopu. Ndinafikapo pamalo pomwe amapangira, ndipo chiponde chawo timadya kwathu. Akufuna munthu woti aone kasankhidwe ndi kasungidwe ka mtedza wawo asanaitane oyendera.

Mayi, Bambo Ujeni ndi katswiri wa kakonzedwe ka zakudya, tinaphunzira limodzi ku Bunda. Ntchito yawo ndi kuthandiza mabizinesi ngati yanu kukonzekera zimenezi. Za mtengo mukambirana nokha.

Mayi, ndikupempha kuti muyambe ndinu kuwalembera, muwapatse masiku awiri kapena atatu amene mungayankhulane pafoni kwa mphindi 20. Ine ndalekera pano, mukhoza kundichotsa pa makalata otsatira.

Basi. Kaya mulemba m'Chichewa kaya m'Chingerezi, kutalika kwake kusapitirire pamenepa, poti ambiri adzaiwerengera pafoni ali mu minibasi.

Taonani zomwe ndanena za mayiwo: ndinafika pamalo, ndinadya chiponde. Sindinanene kuti ndi okhulupirika pa ndalama, chifukwa sindinachitepo nawo malonda. Pa imelo yotere dzina lanu ndilo chikole, ndiye nenani zokhazo zimene munaona ndi maso. Ngati munthuyo munangokumana naye kamodzi pamsonkhano, lembani choncho: "tinakumana kamodzi ku Lilongwe ndipo zomwe anafotokoza zinandigwira mtima." Wolandira adziwa yekha kulemera kwa mawu amenewo. Mawu ngati "munthu wabwino kwambiri, wolimbikira" sauza aliyense kanthu, aliyense amalembedwa choncho.

Ndime yomaliza ya imelo ija ndi imene anthu ambiri amaiwala, n'chifukwa chake maimelo otere amafera m'njira. Aliyense amadikira mnzake, wina poopa kuoneka wopupuluma, wina poganiza kuti wofuna thandizo ndiye ayambe. Tchulani woyamba, ndipo akhale amene ali ndi chosowa. Auzeni mayiwo kumbali kuti ayankhe tsiku lomwelo kapena mawa lake, adine Reply all, ndipo dzina lanu alisamutsire pa Bcc. Akatero inu mulandira yankho loyambalo, mudziwa kuti mpira wayamba kuyenda, koma makalata otsatira sakufikaninso. Simuli ankhoswe oti muzimva chilichonse chochitika m'banjamo.

Za nambala ya foni: ndikudziwa kuti akangodziwana athamangira pa WhatsApp, ndipo palibe cholakwika. Koma nambala ya mnzanu musaiike mu imelo asanakuloleni. Imelo munthu amaiyankha nthawi yomwe wafuna, pomwe foni imalira ngakhale ali pamaliro.

Komanso ngati pali kangachepe komwe mukuyembekezera ntchitoyi ikatheka, nenani poyera kwa onse awiri musanawakumanitse. Zobisa zimadzaululika tsiku lomwe akukangana za mtengo.

Pakatha masabata awiri, funsani mayiwo, osati mnzanuyo, ngati anayankhulana. Akati analemba koma sanayankhidwe, mutumizireni mnzanu uthenga umodzi waufupi payekha. Akati iwowo ndiwo sanalembe, auzeni mosapita m'mbali kuti munthu anapatula nthawi chifukwa cha inu, ndipo alembe lero lomwe kapena akulolezeni mumuuze kuti zasintha.