Foni yotentha masana n'kuyamba kuchedwa: yankho kwa mayi a ku Nchalo

"Ndili ndi kagolosale kuno ku Nchalo. Foni yanga yatha zaka ziwiri. M'mawa imayenda bwino, koma ikamakwana 1 koloko masana imatentha ngati mbatata yootcha, n'kuyamba kuchedwa moti kasitomala amaima nthawi yaitali ndikamatumiza ndalama. Ndimaiika pawindo chifukwa ndi pamene netiweki imagwirako, ndipo magetsi akabwera ndimaitchajira pomwepo, mwana wanga akukoka hotisipoti. Mnzanga akuti ndiziiponya mufiriji ya zakumwa. Kodi yalowa vairasi?"

Mayi, zikomo pondilembera. Mtima m'malo: malinga ndi mmene mwafotokozera, sindikuganiza kuti ndi vairasi. Vairasi sadziwa wotchi. Foni imene imathamanga m'mawa n'kufooka dzuwa likafika paliwombo ikudzichedwetsa dala, ndipo ikutero kuti isawonongeke.

Mkati mwa foni muli kachipangizo kotchedwa pulosesa, kamene kamagwira ntchito yonse yowerengera. Kakamagwira ntchito kamatentha. Laputopu ili ndi fani yotulutsira mpweya wotentha, koma foni ilibe. Kutentha kwake kumatulukira pakhungu lake lenilenilo, kumsana ndi pagalasi. Ndiye opanga anaikamo tizipangizo toyeza kutentha, ndipo tikaona kuti zafika poipa, foni imachepetsa liwiro la pulosesa, imachepetsa kuwala kwa galasi, imachepetsanso kapena kuimitsa kumene kutchaja. Zili ngati munthu wopalasa njinga ya makala pachitunda: akatopa amatsika n'kumakankha. Njinga sinathyoke ayi.

Opanga mafoni ambiri, kuphatikizapo Apple, amanena kuti foni izigwira ntchito pamalo osatentha kuposa madigiri 35. Inu muli kuchigwa cha Shire, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena, ndipo pansi pa denga la malata mumadziwa nokha mmene zimakhalira. Foni yanu imayamba masana ili kale pamalire. Kenako tiyeni tione zimene ikusenza pawindopo.

Choyamba ndi dzuwa. Galasi lakuda limamwa kutentha mofulumira kwambiri, ndipo mphindi zochepa zokha zimakwana kuti foni yongogona pawindo iyambe kuotcha, ngakhale isakugwira ntchito iliyonse.

Chachiwiri, chimene anthu ambiri sachidziwa, ndi netiweki yofooka. Foni sikuti imangomvetsera nsanja ya netiweki, imayeneranso kuiyankha. Nsanja ikakhala patali, foni imakweza mphamvu yotumizira, ngati mmene mungakuwire poitana munthu amene ali tsidya la mtsinje. Timizere ta netiweki tikakhala tiwiri kapena kamodzi, foni imakuwa tsiku lonse, ndipo ikamalumphalumpha pakati pa 4G ndi 3G imavutika koposa. Tsono muwonjezere hotisipoti: foni ikukoka intaneti kunsanja yakutaliyo, n'kumaiperekanso kwa mwana wanu. Mawailesi awiri akugwira ntchito nthawi imodzi m'kabokosi kopanda mpweya.

Pamwamba pa zonsezi pali tchaja. Batire ikamalandira magetsi imafunda, makamaka ikayambira pansi kwambiri, chifukwa ndi pamene foni imakoka magetsi ochuluka. Mabatire a lifiyamu amene ali m'mafoni athu sayenera kutchajidwa akadutsa madigiri pafupifupi 45. N'chifukwa chake mwina munaonapo foni ili pamagetsi ola lathunthu koma yangokwera pang'ono. Ndipo ngati ili m'kava yarabala yochindikala, kapena yotseka ngati buku, ndiye kuti yavala jekete m'chilimwe.

Chilichonse mwa izi pachokha foni ikhoza kuchipirira. Vuto ndi loti mwazisonkhanitsa malo amodzi, nthawi imodzi. Ndiye mankhwala ake ndi kuzimwaza, ndipo sadya ndalama.

Yesani izi mawa. Ichotseni padzuwa. Ngati pawindo pokha ndi pamene netiweki imagwira, tchingani ndi kakatoni kapena kansalu kopyapyala. Netiweki imadutsa pakatoni ndi pansalu popanda vuto, dzuwa ndilo limatsala. Koma chotchingiracho chisakhudze foni, pakhale mpata wa mpweya. Ivuleni kava masana, ndipo muiimike tsonga moitsamiritsa, kuti msana wake ukhale pamtunda. Kutchaja kuzichitika madzulo kapena m'mamawa. Ndikudziwa kuti magetsi sitiwalamula ife, amabwera nthawi imene afuna. Akabwera masana, tchajani, koma muuze mwanayo adikire kaye. Hotisipoti ndi tchaja zisakumane. Ngati mungathe kukhala mphindi 30 osalandira foni, yatsani Airplane mode potchajapo. Mudzaona kuti ikudzadza msanga ndipo sikuotcha.

Ikatentha kale kasitomala ali pakhomo, isoloreni patchaja, ivuleni kava, zimitsani hotisipoti, ndi kuigoneka pasimenti yozizira pamthunzi, kapena kutsogolo kwa fani. Mphindi khumi zimakwana kuti liwiro liyambe kubwerera.

Za firijizo, chonde musayese. Taonani botolo la chakumwa mukangolitulutsa mufiriji: limachita thukuta nthawi yomweyo. Madzi amenewo sachokera m'botolo, amachokera mumpweya umene wakhudza chinthu chozizira. Foni yotuluka mufiriji imachita thukuta lomwelo, kunja ndi mkati momwe, pamene simungapukute. Tsiku loyamba idzaoneka ngati yachira. Pakapita nthawi dzimbiri liyamba kudya timizere ta mkati, kamera ichita nkhungu, polowetsera tchaja payamba kuvuta. Kuikulunga m'nsalu yonyowa n'chimodzimodzi. Nawo mapulogalamu amene amati amaziziritsa foni, aja oonetsa chithunzi cha fani ikuzungulira, achotseni. Pulogalamu singatulutse kutentha m'foni. Iyo yomwe ikugwiritsa ntchito pulosesa, n'kumakudyerani bandulo ndi zotsatsa malonda.

Mukachita zonsezi kwa masiku atatu koma osasintha, ndiye tifufuze kwina. Foni yochedwa ngakhale m'mamawa ili yozizira, vuto lake nthawi zambiri ndi kudzadza: mavidiyo a m'magulu a WhatsApp amatha malo mwakachetechete. Foni yofunda ili m'thumba, isakugwiritsidwa ntchito, ili ndi pulogalamu imene ikuyenda mobisa. Lowani mu Settings, kenako Battery, muone mndandanda wa zimene zadya batire. Mukapezamo dzina limene simukulidziwa lili pamwamba, lichotseni. Gwiraninso pamene pakutenthera. Kumtunda pafupi ndi kamera, m'mafoni ambiri, ndi pamene pali pulosesa. Pakatikati pa msana ndi pamene pali batire. Kukamatentha kunsi polowera waya, kayikirani waya wothyoka, tchaja yachinyengo, kapena fumbi limene launjikana pabowopo.

Chomaliza ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa foni ya zaka ziwiri imene yakhala padzuwa chonchi. Kutentha kumakalambitsa batire msanga, ndipo batire yokalamba imatha kutupa. Ivuleni kava lero, muigoneke patebulo losalala. Ikamagwedera pamene kale sinkatero, kapena mukaona msana wake wafutukuka, kapena galasi likunyamuka m'mphepete, kapena mukamva kafungo kachilendo konga ka mankhwala, lekani kuitchaja pomwepo. Musaikanikize kuti ibwerere, musaiboole, ndipo musagone nayo pamphasa kapena pansi pa pilo. Batire yotere imatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Izimitseni, muiike pasimenti kutali ndi palafini ndi katundu wa m'golosale, ndipo mupite nayo kwa wokonza mafoni akaikemo batire ina. Mukafika kumeneko, muwapemphe akuonetseni yakaleyo akaichotsa, ndi yatsopanoyo asanaimate.