Amene anasankha mabuku a m'Chipangano Chatsopano si Konsitantino

"Abambo, mnzanga wa kuntchito akuti mabuku a m'Chipangano Chatsopano anawasankha ndi mfumu ya Aroma Konsitantino pamsonkhano wa ku Nikeya, ena onse n'kuwatentha. Ndinasowa chomuyankha ndipo mtima sukukhazikika. Kodi n'zoona? Ngati si iyeyo, anasankha ndani?"

Mayi, kalata yanu yanditokosa pachilonda. Zaka zambiri zapitazo ndinachita manyazi pa nkhani yomweyi, pasiwa kumudzi kwathu. Anali maliro a agogo anga aakazi. Amayi ankaimba m'nyumba, ife amuna titazungulira moto panja, ndipo msuweni wanga amene anali atangobwera kumene kuchokera kukoleji anayambitsa za Konsitantinozi. Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Sande sukulu, ndiye ndinkadziona ngati katakwe. Ndinamudula pakamwa n'kunena mokweza kuti Baibulo silinasankhidwe ndi munthu, linabwera lathunthu monga mmene lilili. Iye sanakwiye. Anangosonkhezera chikuni pamoto n'kufunsa kuti, "Nanga achimwene, tsiku limene kalata ya Paulo inafika ku Korinto, Akorintowo anatsegula Baibulo liti kuti aione ngati ilimo?" Madoda anaseka chamumtima, poti pamaliro saseka mokweza. Ine kukamwa kunauma gwa.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti yankho linali m'nyumba momwemo. M'mawa mwake, tikulongosola katundu wa agogo, tinapeza Baibulo lawo litakulungidwa m'pepala la shuga. Chikuto chinachoka kalekale, chiswe chinadya masamba akumapeto, moti linkathera penapake m'makalata a Yohane. Masamba a Masalimo ndi a Mateyu anali akuda bii ndi zala, pamene mabuku ena anali oyera ngati sanatsegulidwepo. Agogowo anapemphera nalo choncho zaka zambiri osadandaula kuti Chivumbulutso mulibe. Panapita nthawi ndisanazindikire kuti mipingo yoyambirira inkakhala ngati agogo aja. Buku lililonse ankalikopera pamanja, ndipo linali lodula. Mpingo wina unali ndi Mateyu ndi makalata angapo a Paulo, wina unali ndi Yohane, wina unali ndi kabuku kamene mpingo woyandikana nawo sunakamvepo. Paulo mwini, pa Akolose 4:16, akuuza anthu kuti akatha kuwerenga kalata yawo aipereke ku Laodikaya, iwonso awerenge ya kumeneko. Kubwerekana kumeneku ndiko kunali chiyambi.

Cha m'ma 150, Mkhristu wina wa ku Roma dzina lake Yusitino anafotokoza mmene mapemphero a Lamulungu ankayendera. Anati anthu akasonkhana, wina amawerenga zolemba za atumwi kapena za aneneri kufikira pamene nthawi yalola, kenako wotsogolera amalangiza anthu pa zimene zawerengedwazo. Gwirani mfundo imeneyi, mayi, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa. Funso limene linkavuta mipingo silinali lakuti tisindikize mabuku ati pamodzi. Linali lakuti Lamulungu likubwerali, owerenga akaimirira kutsogolo, atsegule chiyani.

Nkhani imene ndimaikonda pa zonsezi inachitika cha m'ma 200 ku Roso, katauni ka m'mphepete mwa nyanja kufupi ndi Antiokeya, m'dziko limene lero ndi Teki. Episkopi wa ku Antiokeya, Serapiyoni, anapita kukayendera mpingo wa kumeneko ndipo anapeza anthu akukokanakokana pa buku lotchedwa Uthenga Wabwino wa Petro. Ena ankafuna liziwerengedwa, ena ayi. Serapiyoni anachita zimene abusa ambiri otopa amachita akafika kumlaga n'kupeza kamkangano: sanaliwerenge bukulo. Anangoganiza kuti onse ndi a chikhulupiriro chimodzi, n'kunena kuti ngati chokhacho n'chimene chikukukanganitsani, liziwerengedwa. Anabwerera kwawo.

Atafika, mphekesera zinamutsatira zakuti anthu ena ku Roso akugwiritsa ntchito bukulo pophunzitsa kuti Yesu sanali ndi thupi lenileni, ankangooneka ngati munthu, choncho sanamve ululu weniweni pamtanda. Apa ndi pamene Serapiyoni amandisangalatsa. Sanangolamula ali pampando. Anabwereka bukulo kwa anthu omwewo a chiphunzitso chimenechi, analiwerenga lonse, kenako analembera mpingo wa ku Roso kalata. M'kalatamo anati zambiri za m'bukumo zikugwirizana ndi chiphunzitso choona cha Mpulumutsi, koma muli zina zoonjezera, ndipo anazilemba zoonjezerazo kuti anthu azione okha. Anatinso Petro ndi atumwi anzake timawalandira monga Khristu, koma zolemba zongobwereka maina awo timazikana, chifukwa makolo athu sanatisiyire zoterozo. Anawauzanso kuti amuyembekezere, abweranso posachedwa. Kalata imeneyi tikuidziwa chifukwa wolemba mbiri ya mpingo Eusebiyo anakopera mbali yake m'buku lake.

Mungafunse kuti zoonjezerazo zinali zotani. M'zaka za 1886 ndi 1887, ofukula zakale anapeza m'manda ena ku Akimimu, ku Ejipito, chidutswa cha buku chimene akatswiri ambiri amati ndi Uthenga wa Petro womwewo. Mmenemo Yesu akupachikidwa ali chete ngati sakumva kuwawa. Pa kuuka kwake, amuna awiri akutuluka naye m'manda, mitu yawo ikufika kumwamba, wake ukupitirira pamenepo, ndipo mtanda ukuwatsatira pambuyo. Mawu ochokera kumwamba akufunsa ngati walalikira kwa ogona, ndipo woyankha kuti inde ndi mtandawo. Mukhoza kuliwerenga nokha lero, silinabisike. N'chifukwa chake ndimatopa ndi anthu olankhula monong'ona za "mabuku obisidwa", ngati apeza chinsinsi cha boma, koma ukawafunsa ngati anatsegulapo limodzi lokha, amayamba kuyang'ana foni.

Onani tsono zimene Serapiyoni anayeza nazo. Anafunsa ngati bukulo linachokeradi kwa mtumwi, ngati mipingo inalilandira kuchokera kwa akale, ndiponso ngati likugwirizana ndi chiphunzitso choona cha Mpulumutsi. Zonsezi zinachitika zaka zoposa 100 msonkhano wa ku Nikeya usanachitike, nthawi imene Mkhristu akanatha kuphedwa chifukwa cha dzina lokhalo. Panalibe mfumu yowathandiza kusankha.

Koma anzanga a mbali yanga ija ya pasiwa nawonso asapume. Ndimakwiya nawo mofanana, mwinanso kuposa, chifukwa ndi amene amatumiza ana athu kukoleji opanda chodzitetezera. Timawaphunzitsa kuloweza maina a mabuku kuyambira Mateyu mpaka Chivumbulutso ndi kanyimbo, osawauza kuti ena mwa mabukuwo anakhala zaka mazana pakhomo, ena akuti alowe ena akuti ayi. Mwana akadzamva zimenezi koyamba kwa munthu wonyoza, amaona ngati tinamunamiza, ndipo mwanjira ina tinamunamizadi. Ine ndimati ziphunzitsidwe m'kalasi ya ubatizo momwe.

Mabuku amene anachedwa pakhomo

Eusebiyo yemwe uja, polemba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 300, anagawa mabuku malinga ndi mmene mipingo inkawaonera. Mauthenga anayi, Machitidwe, makalata a Paulo, 1 Petro ndi 1 Yohane anati ndi ovomerezeka. Yakobo, Yuda, 2 Petro, 2 Yohane ndi 3 Yohane anati ndi okanganirana, ngakhale ambiri ankawadziwa. Chivumbulutso chinamuzunguza mutu moti anachitchula mbali ziwiri, kwa ovomerezeka ndi kwa okanidwa, n'kusiyira owerenga kuti aone okha. Kummawa kwa ufumu wa Aroma ambiri ankachikayikira, ndipo mpaka lero mipingo ya Othodokisi ya mwambo wa Chigiriki sichiwerenga pa mawerengo a mapemphero ngakhale chili m'Baibulo lawo. Kumadzulo, ku Roma, amene anavuta ndi Ahebri, chifukwa ankakayika ngati analemba ndi Paulo. Baibulo la Chisiriya lotchedwa Peshita linali ndi mabuku 22 okha m'Chipangano Chatsopano.

Ndipo panali mabuku abwinobwino amene anatsala kunja popanda mlandu wa mpatuko. Lodziwika ndi Mbusa, lolembedwa ndi Herimasi wa ku Roma, lonena za kulapa pambuyo pa ubatizo. Anthu ankalikonda kwabasi. M'Baibulo lina lakale kwambiri la Chigiriki, la zaka za m'ma 300, limene linapezeka kunyumba ya amonke pa phiri la Sinai, Mbusa alimo kumapeto, pambuyo pa Chivumbulutso ndi kalata ya Barnaba. Chinaligwetsa n'chakuti anthu ankadziwa kuti linalembedwa mochedwa, atumwi atapita. Mu 367, Atanasiyo episkopi wa ku Alesandriya analemba kalata yake ya Pasaka imene ili ndi mndandanda woyamba umene tili nawo wa mabuku 27 enieniwa, osaonjezera osachotsa. Za Mbusa anati sali m'gulumo, koma ongolowa kumene mu mpingo angamawerengeredwe. Sanati atenthedwe. Ndimaliyerekeza ndi buku la nyimbo kapena katekisimu: tonse timalinyamula popita kutchalitchi, koma palibe mlaliki amene amati tiyeni titsegule katekisimu timve mawu a Mulungu.

Misonkhano inabwera pambuyo pa zonsezi, ku Hipo mu 393 ndi ku Kateji mu 397, ndipo inali ya mipingo ya kumpoto kwa Afirika, osati ya dziko lonse. Inavomereza mabuku amene ankawerengedwa kale.

Mnzanu wa kuntchitoyo musamunyoze, chifukwa nkhani yake ili ndi kamchira koona. Konsitantino anaitanitsadi msonkhano wa ku Nikeya mu 325, analamuladi kuti zolemba za wansembe wina dzina lake Ariyo zitenthedwe, ndipo patapita zaka zingapo anauza Eusebiyo kuti amukonzere mabuku 50 a Malembo a matchalitchi a mumzinda wake watsopano. Koma ku Nikeya anakambirana za chiphunzitso cha Ariyo pa umulungu wa Khristu, za tsiku la Pasaka, ndi malamulo 20 oyendetsera mpingo, ndipo mwa malamulo 20 amenewo palibe lonena za mndandanda wa mabuku. Mupempheni mwaulemu akusonyezeni limodzi. Kenako mufunseni kuti ngati mfumu inatseka nkhaniyi mu 325, bwanji Atanasiyo ankavutikabe kulemba mndandanda patapita zaka 42.

Msuweni wanga uja ndinamufotokozera za ku Roso titakumananso paukwati wina, zaka zitapita. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati nkhani ya pasiwa ija sakuikumbukira n'komwe, n'kundifunsa ngati Baibulo la agogo lija ndidakali nalo. Lili m'kabati, m'pepala lake lomwe lija la shuga.