Stop sangakulondereni opishoni muli mtulo

*Funso: Ndimagula maopishoni a ku America, koma kumene ndili msika wa ku New York umatsekedwa ine nditagona kale. Ndinaika Stop kuti ndisaluze zambiri, koma podzuka ndinapeza pafupifupi ndalama yonse yapita. Komanso ngakhale ndipindule, zimene zimafika m'thumba zimachepa. Ndikulakwitsa pati?*

Bambo, Stop wanu anagwira ntchito yake, kungoti ntchitoyo si imene mumaganiza. Stop salonjeza mtengo. Iye amangodikira kuti mtengo ufike kapena upitirire pamene munalemba, kenako amagulitsa pa mtengo uliwonse umene waupeza. Msika ukakhala wotseka, iyenso amakhala ali gone ngati inu.

Maopishoni a masheya a makampani a ku America amagulitsidwa kuyambira 9:30 m'mawa mpaka 4:00 madzulo pa nthawi ya ku New York. Koma makampani ambiri amalengeza phindu lawo la miyezi itatu msika utatsekedwa kapena usanatsegulidwe. Ndiye mtengo sutsika pang'onopang'ono kuti Stop augwire panjira. Umangodumpha.

Tiyerekeze. Sheya ili pa madola 100, ndipo mwagula opishoni ya Call yokupatsani ufulu wogula pa 100 pomwepo. Pa sikirini palembedwa 4.00, koma kontirakiti imodzi imaimira masheya 100, choncho mwalipira madola 400. Mwaika Stop pa 3.00 n'kukagona mukudziuza kuti zikavuta muluza 100 basi. Usiku kampaniyo yalengeza zokhumudwitsa, ndipo m'mawa sheya yatsegulira pa 88. Opishoni yanu sinadutsepo pa 3.00. Wofuna kugula woyamba akupereka 0.35, Stop wagulitsa pomwepo, mwalandira madola 35. Mwaluza 365. Mukanaika Stop Limit, amene sagulitsa pansi pa mtengo umene mwamuikira, sakanagulitsa n'komwe, mukanadzuka opishoniyo ikadali m'manja.

N'chifukwa chake ine ndikamagula opishoni yoti igone, ndimawerenga ndalama yonse imene ndalipira ngati yotha kupita. Ngati mtima wanu ungapirire kuluza madola 100, gulani ya 100, osati ya 400 yodalira Stop. Ndipo musanagule, yang'anani tsiku limene kampaniyo idzalengeze phindu. Likakhala mkati mwa masiku a opishoni yanu, dziwani kuti kudumpha kulipo, ndiponso mwaigula modula, chifukwa ogulitsa anawerengera kale chiopsezocho.

Choopsa kwambiri kwa munthu wogona msika uli mkati ndi tsiku lothera opishoni. Opishoni ya Call ikatha sheya ili pamwamba pa mtengo wa mgwirizano, ngakhale ndi senti imodzi yokha, bungwe la OCC, limene limaonetsetsa kuti makontirakiti a maopishoni ku America akwaniritsidwa, limaisandutsa masheya popanda kukufunsani, pokhapokha mutakaniratu kudzera kwa bulokala wanu. M'chitsanzo chathu, sheya itatsekera pa 100.20 Lachisanu, mudzuka muli ndi masheya 100 a madola 10,000 amene simunakonzekere. Ikadzatsegulira pa 95 Lolemba, mwaluza madola 500 kuwonjezera pa 400 aja. Mabulokala ena amakugulitsirani okha akaona kuti ndalama zanu sizikwana, koma pa mtengo wa nthawi imeneyo, osati wosankha inu. Gulitsani kukadali tsiku limodzi kapena awiri, muli maso. Kumbukiraninso kuti ku America amasintha wotchi ndi ola limodzi Lamlungu lachiwiri la Malichi ndi Lamlungu loyamba la Novembala. Ngati kwanu sasintha, ola lotsekera limakusunthirani.

Za phindu lochepa m'thumba, wakuba wake amabisala mu mtengo wosinthira ndalama, osati pa fizi yolembedwa poyera. Tinene kuti banki kapena bulokala amadyapo 1.5 peresenti ulendo uliwonse. Mwatumiza ndalama yokwana madola 1,000, kwafika 985. Mutaibweza osagula kanthu, ikhala ya madola pafupifupi 970. Madola 30 apita chabe. Ngati pa 1,000 ija munagwiritsa ntchito 400 yokha, opishoniyo iyenera kukwera ndi 7.5 peresenti kuti mungobwerera pamene munayambira, tisanawerenge komishoni ndi mpata wa pakati pa Bid, mtengo umene ogula akupereka, ndi Ask, mtengo umene ogulitsa akufuna.

Kuti mudziwe chimene akukudyerani, tengani mtengo umene anakupatsani n'kuuyerekeza ndi mtengo wapakati wa msika pa ola lomwelo. Kenako funsani bulokala funso limodzi: kodi akaunti imasunga madola, kapena amasintha ndalama nthawi iliyonse ndikagula ndi kugulitsa? Ngati amasintha nthawi iliyonse, ndiye kuti mukagula ndi kugulitsa kakhumi mwalipira kusintha ka 20, ndipo akaunti yoteroyo ine sindingachitirepo maopishoni. Yosunga madola mumasintha kamodzi polowa, kamodzi potuluka, ngakhale kuti nthawi yonse imene ndalamazo zili m'madola, dola ikagwa poyerekeza ndi ndalama yakwanu, phindu lanu limagwa nayo.